Mauthenga a Januwale yense, olembedwa masana amodzi

Januwale ndi mwezi umene gulu la banki m'khonde limayesedwa kwambiri. Tagawana ndalama mu Disembala, zapita ku feteleza, ku zovala za ana ndi ku Khirisimasi, ndipo bokosi layambanso lopanda kanthu. Sukulu zikutsegulidwa, chimanga chakwera mtengo pamsika, kumunda kukufunika kupalira ndi kuthira feteleza wobereketsa. Mayi amene alibe ya sheya amachita manyazi kubwera kumsonkhano, ndipo akajomba milungu iwiri yotsatizana zimavuta kuti abwererenso. Ine monga mlembi wa gulu lathu ndimatumiza uthenga umodzi waufupi m'mawa uliwonse mwezi umenewu, kuti aliyense adziwe kuti tikumuwerengerabe. Sindilemba m'mawa uliwonse. Ndimakhala pansi masana amodzi kumapeto kwa Disembala, n'kulemba yonse 31, n'kuitchera mufoni kuti izipita yokha.

Chifukwa chake n'chosavuta. Inenso mu Januwale ndimadzuka kukadali mdima kupita kumunda, ndipo masiku amene amayi akusowa mawu olimbikitsa ndi omwewo amene inenso ndilibe mphamvu yowalemba. Kulemberatu kumathetsa vuto limenelo. Koma kumabweretsa lina lalikulu, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa: uthenga wolembedwa pa 29 Disembala sudziwa zimene zidzachitike pa 22 Januwale. Umafika uli ndi mtima wa tsiku limene unalembedwa, kwa munthu amene ali m'tsiku lina.

Ndimayamba ndi kalendala, osati ndi mawu. Ndimatenga kope, n'kulemba manambala kuyambira 1 mpaka 31 kutsika nawo m'mbali, ndi dzina la tsiku pambali pa nambala iliyonse. Nditenge Januwale wa 2025 monga chitsanzo. Mweziwo unayamba Lachitatu. Gulu lathu limakumana Lachinayi, ndiye masiku a msonkhano anali asanu: 2, 9, 16, 23 ndi 30. Masiku a Lamulungu anali anayi: 5, 12, 19 ndi 26. Kuwonjezera pamenepo panali tsiku la chaka chatsopano, tsiku la 15 lokumbukira John Chilembwe, ndi Lolemba lotsegulira sukulu, limene ndimaliona pa kalata imene ana amabwera nayo potsekera. Onse pamodzi ndi masiku 12 amene ndikudziwiratu nkhope yake. Awa ndimawalemba poyamba, chifukwa ndi okhawo amene ndingathe kunena kuti "lero" osaopa kunama.

Wa Lachinayi loyamba unali wotere: "Mayi, lero ndi Lachinayi. Ngakhale mulibe ya sheya, bwerani. Malo anu pamkeka alipo, ndipo tikufuna kukuonani inuyo." Uthenga umenewu ukugwira ntchito yeniyeni, chifukwa ukuyankha funso limene mayi ali nalo mumtima m'mawa umenewo, loti ndipite kapena ndisapite. Wa tsiku lotsegulira sukulu unati: "Mayi, ngati fizi siinakwane lero, musabise mwana kunyumba. Kalankhuleni ndi aphunzitsi, muwauze tsiku limene mudzapereke. Simuli nokha pa vutoli." Wa pa 15 ndinaulemba mwachidule, kukumbutsa kuti Chilembwe ndi anzake ku Mbombwe mu 1915 anali anthu wamba amene anakana kuti umunthu wawo uponderezedwe, ndi kuti mayi wogulitsa tomato nayenso ayende mutu uli m'mwamba.

Akatha 12 aja, pamatsala mizere 19 yopanda kanthu. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Amayamba pa 3, kupita pa 4, kenako pa 7, motsatana. Mauthenga oyambirira amatuluka amoyo. Pofika wachikhumi mutu watopa, ndipo dzanja limayamba kubwereza lokha: musataye mtima, limbani mtima, zikhala bwino, musafooke. Wolembayo saona, chifukwa iye akuona kope likudzaza. Wowerenga ndiye amaona, chifukwa sabata yachitatu ndi yachinayi amalandira mawu amodzimodzi atangosinthidwa malo, ndipo amasiya kutsegula. Choipa kwambiri n'chakuti sabata zimenezo ndi zimene njala yafika povuta. Mauthenga ofooka amagwera masiku amene akufunika amphamvu.

Ndiye 19 otsalawo sindiwalemba pamizere ya madeti. Ndimatsegula tsamba lina, ndipo pa uthenga uliwonse ndimaika m'maganizo mayi mmodzi wa m'gulu. Dzina lake silipezeka mu uthengawo, ndipo sindilemba chilichonse chimene anzake angamuzindikire nacho. Ndimangomuganizira kuti mawu akhale ndi kolowera. Pali amene amuna awo ali ku Joni ndipo ndalama imabwera mwa apo ndi apo. Pali agogo amene akulera zidzukulu. Pali wa geni ya mandasi amene mafuta ophikira amudyera phindu lonse. Pali amene ali ndi ngongole ya chaka chatha ndipo amayang'ana pansi tikamawerenga buku. Ndikaganizira agogo aja, sindingalembe kuti "limbani mtima" basi. Chimene chimatuluka n'chakuti: "Mayi, ana amene mukuwaphikira phala lero sadziwa mmene mwapezera ufa. Ife tikudziwa, ndipo tikukulemekezani." Ndikaganizira wangongole uja: "Mayi, ngongole ndi nambala ya m'buku, si dzina lanu. Bwezani pang'onopang'ono monga tinagwirizana, ndipo muyang'ane anzanu m'maso." Chodabwitsa n'chakuti uthenga wolembedwa poganizira munthu mmodzi ndi umene ambiri amati unali wawo, pomwe wolembera onse sukhudza aliyense.

Ndikamaliza, ndimawerenga onse 19 mokweza n'kuika kamtanda pa amene andigwira mtima kwambiri. Amenewo ndimawagawira sabata yachitatu ndi yachinayi, makamaka Lolemba ndi Lachiwiri. Otsalawo ndimawamwaza moti awiri okamba za ngongole asatsatane, komanso awiri oyamba ndi mawu ofanana asayandikane. Miyambi ndimaigwiritsa ntchito mosamala. Umodzi pa sabata ndi wokwanira, ndipo uzibwera ndi chochita chake. "Mutu umodzi susenza denga" pawokha ndi mawu amene aliyense anawamva ali mwana. Ukapitiriza kuti "ngati kupalira kwakukulirani, uzani mnzanu wa m'gulu mulimirane mawa," wasanduka chinthu chimene munthu angachite. M'gulu mwathu muli Akhirisitu a mipingo yosiyana komanso Asilamu, choncho ndimatchula Mulungu mmene tonse timamutchulira, osalowa m'ziphunzitso za mpingo wanga. Amene akulembera gulu la mpingo umodzi ali ndi ufulu wochuluka pamenepa kuposa ine.

Kenako pamabwera gawo limene ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa onse. Ndimawerenganso uthenga uliwonse ngati kuti ndine mayi amene wagona pa maliro usiku wonse, foni yalira m'thumba pamene akutuluka m'nyumba ya siwa. Ndimadzifunsa ngati mawuwo angamupweteke. M'gulu la anthu makumi awiri, pa masiku 31 a dzinja, malungo ali ponseponse, n'kovuta kuti mwezi uthe popanda wina kudwazika kapena kutaya m'bale. Ndiye si nkhani yongoganizira. Tsiku lina mwa masiku amenewa uthenga wanga udzafikadi kwa munthu wotero, ndipo sindidziwa kuti ndi liti.

Mayeso amenewa amagwetsa mawu ambiri amene amaoneka osalakwa. "Tithokoze kuti tonse tadzuka bwino" ndi woyamba kugwa, chifukwa sindingadziwe zimenezo pa 29 Disembala. "Lero ndi tsiku lachisangalalo" amagwanso. "Mwetulirani" amagwa. Mawu okamba za nyengo nawonso amagwa, ngakhale pa chifukwa china. Ukalemba kuti "mvula imene ikugwayi ndi madalitso," uthengawo ungafike pakati pa ng'amba ya milungu iwiri chimanga chikupota masamba, kapena m'mawa umene mtsinje wasefukira n'kukokolola dimba la wina. Januwale amachita zonse ziwiri. Malonjezo ndimawachotsanso. Kunena kuti "mwezi uno geni yanu ikwera" ndi kulosera, ndipo zikapanda kuchitika mayiyo sadzakhulupiriranso wa mawa.

Sikuti uthenga wogwa ndimautaya nthawi zonse. Kawirikawiri umangofunika kutembenuzidwa kuti uchoke pa zimene sindikudziwa, ubwere pa zimene ndikudziwa. Wina ndinaulemba poyamba kuti: "Mwadzuka bwanji mayi! Dzuwa latuluka, tsiku labwino layamba, tiyeni tisangalale." Nditauyesa unasanduka: "Mayi, kaya usiku wapitawu unali wotani, kwacha. Chitani chimodzi chimene mungathe lero. Zinazo tithandizana." Wachiwiriwu ndi woona kwa amene wagona tulo tabwino, ndi woonanso kwa amene wachezera kuchipatala. Zimene ndikudziwa motsimikiza pa tsiku lililonse la mweziwo ndi zochepa: kuti mayiyo ndi wa gulu lathu, kuti akugwira ntchito yolemetsa, kuti tidzakumana Lachinayi, kuti angathe kuimbira mnzake. Mauthenga onse abwino amamangidwa pa zinthu zochepa zomwezi.

Tsopano za foni. Amayi ambiri a gulu lathu ali ndi mafoni a mabatani, ndipo amene ali ndi mafoni amakono sakhala ndi bandulo ya intaneti tsiku lililonse, makamaka mwezi umenewu. Choncho ndimatumiza meseji wamba, SMS. Meseji imodzi imanyamula zilembo 160, kuwerengera ndi mipata ya pakati pa mawu. Ukapitirira, imaduka pawiri, chidutswa chilichonse chimanyamula zilembo 153, ndipo umalipira ziwiri. Izi ambiri amazidziwa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti 160 ija imagwira ntchito pokhapokha zilembo zonse zili za pagulu la zilembo wamba za SMS. Mukalowa chilembo chimodzi chokha cha kunja kwa gululo, malire amatsika kufika 70, ndipo uthenga wautali umaduka m'zidutswa za zilembo 67.

Ife olemba Chichewa izi zimatikhudza kuposa ena. Chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba mu dzina la dziko lathu, sichili m'gulu lija. Tinkhope toseka ndi timanja topemphera nato mulibe. Koma msampha waukulu ndi kachizindikiro kam'mwamba kamene timalemba mu ng'ombe, m'mawa, n'kofunika ndi pang'ono. Kali ndi mitundu iwiri imene ndi yovuta kuisiyanitsa ndi maso:

```
m'mawa
m’mawa
```

Koyambako ndi kowongoka, ndipo SMS imakalandira ngati chilembo wamba. Kachiwiriko ndi kopindika, ndipo kamagwetsera uthenga wonse ku malire a 70. Mapulogalamu olembera makalata monga Word amasintha okha kowongoka kukhala kopindika pamene ukulemba. Ndiye munthu amene walemba mauthenga ake bwinobwino pa kompyuta, n'kuwakopera mufoni, angapezeke kuti pafupifupi uthenga uliwonse wakula katatu, chifukwa n'kovuta kulemba ziganizo ziwiri za Chichewa popanda kachizindikiro kameneka.

Tiwerengere limodzi. Anthu 20, masiku 31, ndi meseji 620 pa mwezi ngati uthenga uliwonse ukukwana m'meseji imodzi. Tsopano titenge uthenga wa zilembo 150 wokhala ndi kachizindikiro kamodzi kopindika. Zidutswa ziwiri za 67 zimangonyamula 134, ndiye pafunika zitatu. Zikatero mwezi wonse, 620 ija yasanduka 1,860. Bandulo imene unagula poganiza kuti ikufikitsa pa 31 imathera cha pa 10 kapena 11, ndipo kuyambira pamenepo foni imadya mayunitsi mpaka kuuma, kenako mauthenga amangolephera mwakachetechete. Njira yodziwira ndi yosavuta. Ukaika uthenga m'bokosi lolemberamo, foni imaonetsa kanambala kakang'ono pafupi ndi batani lotumizira, kosonyeza zilembo zotsala ndi chiwerengero cha zidutswa. Ukaona 2 kapena 3 pa uthenga umene ukudziwa kuti ndi waufupi, fufuta tizizindikiro tonse tam'mwamba n'kutilembanso ndi kiyibodi ya foni. Mu pulogalamu ya Messages ya Google mulinso posankha potchedwa Use simple characters, pansi pa Settings kenako Advanced, pothandiza kusintha zilembo zachilendo. Ine ndimalembera mufoni mwachindunji kuchokera m'kope, ndipo ndimayesetsa kuti uthenga usapitirire zilembo 150.

Pa Advanced pomwepo pali Group messaging. Uyenera kusankha njira ya Mass text, imene imatumiza meseji payekhapayekha kwa aliyense. Njira inayo imapanga gulu la MMS, limene limafuna intaneti ndipo mafoni ambiri a mabatani salitsegula bwino. Mass text ili ndi ubwino winanso: mayi akayankha, yankho lake limabwera kwa ine ndekha, osati kwa anthu onse. Pa mwezi umene anthu akuyankha zinthu monga "ufa watha kuno," zimenezi n'zofunika.

Kutchera kwenikweniko n'kosavuta koma kotopetsa. Umalemba uthenga, umadina batani lotumizira osachotsa chala, ndipo pamatuluka Schedule send. Umasankha deti ndi nthawi, n'kutsimikiza. Umachita zimenezi ka 31. Ine ndimatchera 5:30 m'mawa, pamene ambiri adzuka koma asanatenge khasu. Malo awiri amene dzanja limaterereka ndi awa: kusankha PM m'malo mwa AM, ndi kudumpha deti kapena kulibwereza. Foni ikaikidwa pa nthawi ya maola 24, vuto loyambalo limatha. Pa lachiwirilo, ndimachonga m'kope mzere uliwonse ndikangoutchera, ndipo ndikamaliza ndimawerenga madeti onse pafoni kuyambira pamwamba mpaka pansi, chala chili pa kope. Ndisanayambe zonsezi ndimatchera uthenga umodzi woyesera wopita kwa mnzanga wa foni ya mabatani, kuti upite pakatha mphindi zisanu, ndione ngati wafika wathunthu komanso kuchokera pa simukhadi imene ili ndi bandulo. Mafoni athu a masimukhadi awiri amatha kutumizira pa inayo iwe osadziwa.

Tiyenera kumvetsa kuti uthenga wotcheredwa mu Messages umakhala mufoni yako, sunapite kwina kulikonse. Nthawi ikakwana foniyo iyenera kukhala yoyaka ndiponso ili pa netiweki. Magetsi akazima usiku batire n'kutha, uthenga wa 5:30 udzapita pamene foni yayakanso, mwina masana. Ndi chifukwa china chimene sindilembera mawu omangirira ku ola. Telegram imachita mosiyana: uthenga wotcheredwa umasungidwa kwa iwo, ndipo umapita ngakhale foni yako yazima, koma amayi athu alibe Telegram. WhatsApp wamba, pa nthawi imene ndinkakonza dongosolo limeneli, analibe potcherera uthenga. Mapulogalamu ena amene amati amathandiza amafuna kuti uwapatse chilolezo choyendetsa foni yako yonse, ndipo ine sindingachite zimenezo pa foni imene ndimasungiramo ndalama. Amene gulu lake lili pa WhatsApp angathe kudzitumizira yekha mauthenga onse 31, uliwonse deti lake pamwamba, n'kumakopera umodzi m'mawa uliwonse. Ntchito yolemetsa, yomwe ndi kuganiza mawu, imakhala itachitika kale.

Ngakhale zonse zitatcheredwa, madzulo aliwonse ndisanagone ndimatsegula foni n'kuwerenga wa mawa. Zimatenga mphindi imodzi. Ndimaona ngati wa lero unapita, ngati bandulo ikadalipo, ndipo koposa zonse ndimaona ngati wa mawawo ukuyenerabe. Uthenga wotcheredwa umatheka kuusintha, kuusunthira deti lina kapena kuufufuta. Pakagwa maliro okhudza mmodzi wa ife, ngakhale uthenga umene unapambana mayeso aja sindiulola kupita. Tsiku limenelo gulu liyenera kumva kuchokera kwa munthu amene wamva nkhaniyo: ndani watisiya, mwambo uli kuti, tikumana nthawi yanji, chipepeso tisonkha bwanji. Ndimaimitsanso a masiku awiri kapena atatu otsatira, n'kulemba pamanja mpaka titaika. Kumapeto kwa kope ndimasunga mauthenga atatu apadera opanda deti, ofatsa kwambiri, oti ndibwerere nawo mwakachetechete m'masiku oyamba pambuyo pa zovuta, pamene mawu okamba za geni ndi masheya akanamveka ngati kuthamangira.

Ndinamva za gulu lina la kufupi kuno kumene mauthenga otcheredwa anapitirira kufika m'mawa uliwonse sabata yonse ya maliro a mwana wa membala wawo, mlembi ali paulendo. Mawu ake sanali oipa. Koma amayi anazindikira kuti kuseri kwa mawuwo kunalibe munthu, ndipo namfedwayo anapempha kuti nambala yake ichotsedwe. Ngati ukudziwa kuti uchoka kapena foni yako ikhala yosadalirika, ndi bwino kutchera sabata imodzi yokha, kapena kuonetsa mnzako wa m'komiti mmene angaimitsire.

Amayi a gulu lathu amadziwa kuti ndimalemberatu. Ndinawauza pamsonkhano, kope lili m'manja, chifukwa sindifuna kuti wina aziganiza kuti ndadzuka 5 koloko kumulembera iye pamene si choncho. Apampando anafunsa kuti, "Nanga tikayankha, ayankhe ndani, foniyo?" Ndinati ayi, ndiyankha ine. Mayankho amabwera ochepa, mwina awiri kapena atatu pa tsiku, ambiri ongoti "zikomo amlembi." Koma nthawi zina pamabwera wina wonena kuti mwana watentha thupi usiku wonse, kapena kuti Lachinayi sabwera chifukwa alibe chobwera nacho. Amenewo sindiwayankha pa meseji. Ndimaimba ndikachoka kumunda, ndipo ngati nkhaniyo ndi yofuna thumba ladzidzidzi la gulu, ndimadziwitsa apampando ndi asungichuma tsiku lomwelo kuti isadikire msonkhano.